Injini nayonso ili ndi gawo lake pa ndalama ya usipa

Abale anga a m'madoko monse, kuyambira kuno ku Msaka, Malembo, Makawa mpaka ku Senga Bay, lero ndabwera ndi nkhani ya ndalama. Ndikudziwa kuti ena munena kuti makaniko azilankhula za masipanala, za ndalama asiyire a kubanki. Koma ine injini ikafika pa benchi panga, ndikangoitsegula imandiuza mmene mwini wake amasungira ndalama. Injini zambiri zimene ndaziona zitaferatu sizinafe ndi ukalamba ayi. Zinayamba kufera m'thumba la buluku la mwini wake, momwe ndalama ya boti ndi ndalama ya pakhomo zimagona limodzi. Uthengawu ndi wautali, mundipirire, muwerenge mukakhala pansi.

Nkhani yake ndi iyi. Boti likakocheza m'mawa, amayi ogula usipa atenga zawo, bwana agwira mtolo wa ndalama m'manja. Mtolowo umaoneka ngati wa munthu mmodzi chifukwa uli m'dzanja limodzi, koma eni ake ndi ambiri. Muli ndalama ya petulo ndi oyilo wa usiku wotsatira, muli ya alovi ndi siginala, muli ya khoka, muli ya boti, muli ya injini, ndipo kumapeto kwenikweni muli ya bwanayo. Alovi ali ndi pakamwa, mukachedwa kuwapatsa amakuzungulirani pamchenga pomwepo. Wogulitsa petulo naye salola kuti muchoke musanalipire. Injini ndi khoka zokha ndi zimene zilibe pakamwa. Sizipempha, sizikwiya, ndiye gawo lawo ndi limene limadyedwa, ndipo wakudyayo sadziwa n'komwe kuti akudya za mwini.

Ndikupatseni chitsanzo cha bambo wina wa chilimira amene ndinkamukonzera injini yake ya Yamaha Enduro 15. Dzina sinditchula. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, ndiye manambalawa ndawasalaza kuti masamu aoneke bwino, inu muikepo mitengo ya padoko panu. Tinene kuti ulendo umodzi, kuphatikiza petulo, oyilo, zounikira ndi kachakudya ka anyamata, umadya K200,000. Kwathu kuno timayamba tachotsa zimenezi, zotsalazo n'kugawa pakati, theka alovi, theka mwini zipangizo. Madoko ena amagawana mosiyanako, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Pamwezi salowa m'madzi masiku onse 30. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, ndipo mphepo nayo ili ndi masiku ake. Tinene kuti walowa maulendo 18. Mwa amenewa, 5 anali abwino, anagulitsa K600,000 ulendo uliwonse. Kuchotsa K200,000 ya ulendo, kugawana ndi alovi, iye amatsala ndi K200,000, ndiye maulendo 5 amupatsa K1,000,000. Maulendo 7 anali apakatikati, K300,000 uliwonse, gawo lake K50,000, pamodzi K350,000. Maulendo 6 otsalawo anali aja obwerera anyamata ali chete, nsomba za K80,000 basi. Pamenepa petulo wapsa kale, ndipo dzenje la K120,000 pa ulendo uliwonse amalikwirira ndi iyeyo, pamodzi K720,000. Mukaphatikiza ndi kuchotsera, mwezi wonse watsala ndi K630,000.

Taonani bwino apa. Ndalama yonse imene yadutsa m'manja mwa bamboyu mwezi umenewu ndi K5,580,000. Anthu padoko aiona, abale aiona, akazi awo aimva, iye mwini waigwira ndi kuiwerenga. Mtima wake ukumuuza kuti ndi munthu wa mamiliyoni asanu. Koma yake ndi K630,000, ndipo ngakhale imeneyo sinakhale yake yonse, chifukwa opanda pakamwa aja sanalandirebe.

Tiyeni tiwalipire. Injini ngati inagulidwa K6,000,000 ndipo mukuyembekeza kuti ikutumikireni zaka 5, ndiye kuti mwezi uliwonse ikutha ndi K100,000, kaya mwaiona kaya simunaione. Sevisi yake, oyilo wa mu giya, mapulagi, impela ikakwana nthawi yake, ndi dzanja la makaniko, tiike K40,000 pamwezi. Khoka limafuna ulusi, osoka, zoyandamitsa, ndipo tsiku lina lidzafuna chigamba chachikulu. Boti limafuna misomali, thabwa ndi penti. Zimenezi tiike K90,000. Zonse pamodzi K230,000. Ndiye pa K630,000 ija, imene bamboyu angadye osapweteka bizinesi ndi K400,000 yokha.

Tsono kunyumba kwake ankatenga pafupifupi K20,000 patsiku. Sanali woledzera, sanali wa akazi ambiri, ndinene zimenezi poyera chifukwa anthufe tikamva kuti wina wagwa timathamangira kunena kuti anadyera kumowa. Inali ndalama ya ufa, sopo, shuga, yunifolomu, mayunitsi, thiransipoti ya mlamu wopita ku Mangochi kuchipatala, chipepeso pamaliro. Zinthu zabwinobwino, zoti munthu aliyense wa banja amachita. K20,000 masiku 30 ndi K600,000. Mwezi ukatha amapeza K30,000 ili m'thumba, ngongole alibe, petulo wa mawa alipo. Akagona amagona tulo tabwino, akuti bizinesi ikuyenda.

Apa ndi pamene pali ufiti wa nkhaniyi. Pa K230,000 imene imayenera kusungidwa, yasungidwa K30,000 yokha. Mwezi uliwonse banjali limadya K200,000 ya injini, khoka ndi boti. Pachaka ndi K2,400,000. Palibe tsiku limene munthu angaloze kuti apa ndiye panalakwika. Akanakhala kuti waberedwa K2,400,000 usiku umodzi, mudzi wonse ukanadzuka ndi zibonga. Koma poti ikutuluka K7,000 lero, K7,000 mawa, kudzera pa sopo ndi shuga, palibe amene akukuwa. Kunena mwachindunji, banjali linkadya injini, pang'onopang'ono, ngati chiswe m'mtengo wa denga.

Ine makaniko ndimayamba kuziona zisanafike poipa, ndipo zimabwera mwa ndondomeko yofanana pafupifupi kwa aliyense. Choyamba kudumphidwa ndi oyilo wa mu giya. Buku la injini limati asinthidwe pakatha maola 100 aliwonse. Mukamayenda maola 5 kapena 6 pa ulendo, maulendo 18, ndiye kuti mwezi umodzi wakwana kale. Bwana amati tidzasintha mwezi wa mawa, panopa zavuta. Mwezi wa mawawo ukafika, kwagwa maliro. Chonsecho kaulusi ka khoka kakulungika kuseri kwa pulopela, kadula silo, madzi ayamba kulowa. Mukamasula kabawuti ka pansi, oyilo amatuluka woyererako ngati tiyi wamkaka. Mukapeza msanga, ndi nkhani ya silo ndi botolo la oyilo. Mukachedwa, ndi magiya ndi mabeyaringi onse a kumwendo.

Chachiwiri ndi oyilo wosakaniza mu petulo. Injini zathuzi ndi za thu sitiroko, zilibe poikira oyilo wa injini padera, moyo wake wonse uli mu oyilo amene mumathira m'thanki. Muyeso wake ndi 50:1, kutanthauza theka la lita ya oyilo pa malita 25 a petulo. Bwana akapanikizika amauza mnyamata kuti botolo limodzi likwanire mathanki atatu m'malo mwa awiri, kapena amagula oyilo wa m'mabotolo osadziwika kumene achokera. Injini siidandaula tsiku lomwelo. Imalira bwinobwino. Koma mkati maringi ndi mabeyaringi a kulankishafuti akukhulana pouma. Pakapita miyezi, mphamvu imachepa, kulizitsa kumavuta, petulo ikudya wambiri kuposa kale. Ndiye onani, ndalama imene anapulumutsa pa oyilo akuilipira kawiri pa petulo.

Chachitatu ndi impela, kamphira kaja kopopa madzi oziziritsa injini. Mchenga wa pagombe umakadya. Chizindikiro chake aliyense amachidziwa: injini ikamalira imayenera kukodza kamtsinje kamphamvu kumbuyo. Kakayamba kudontha ngati mpopi wa m'chilimwe, imitsani. Bambo uja ndinamuuza kawiri, iye akuti, "Mphwanga, ingochokocha ndi waya, tione sabata ya mawa." Sikuti anali wouma mutu. Analibe ndalama tsiku limenelo, ngakhale kuti dzana lake anagwira K600,000. Injini inatentha ili pakati pa nyanja, pisitoni inagwira, anawo anabwera akupalasa mpaka dzuwa kutuluka. Tiyamike kuti kunalibe mphepo. Apa mudziwe kuti nkhani ya thumba limodziyi siithera pa ndalama pokha, muli miyoyo ya ana a eni ake m'botimo.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Injini yagona pa benchi sabata zitatu, nthawi yomwe usipa wagwa ndipo anzake akukolola. Alovi abwino apita kwa bwana wina, ndipo siginala wodziwa ntchito akachoka sabwerera wamba. Kuti akonze, akongola kwa wamalonda wogula nsomba, pa pangano loti nsomba zonse azigulitsa kwa iye. Kuyambira pamenepo mtengo sakutchulanso ndi mwini boti. Zikakanika apo ndi katapila. Bamboyu anagulitsa khoka kuti abweze ngongole ya injini, kenako injini yopanda khoka inalibenso ntchito. Lero akukoka chingwe m'boti la munthu wina. Anthu padoko amati anamulodza. Ine injiniyo ndinaitsegula ndi manja angawa, mankhwala sindinapezemo.

Tsono tichite bwanji? Chinthu choyamba chimachitika pamchenga pomwepo, ndalama isanalowe m'thumba, chifukwa ikangolowa m'thumba yasanduka ya pakhomo. Ya ulendo wotsatira ichoke, ya alovi ichoke monga mwa masiku onse. Kenako injini muiyese mlovi winanso amene ayenera kulandira. Mu chitsanzo chathu K230,000 ija mukaigawa pa maulendo 12 amene anabweretsa kanthu, ikukwana pafupifupi K19,000 pa ulendo. Koma poti tsiku lapakatikati silingasenze zambiri, kuli bwino tsiku labwino lichotse K32,000, lapakatikati K10,000. Maulendo 5 abwino apereka K160,000, 7 enawo K70,000, yakwana. Tsiku la K600,000 simungamve kuwawa kuchotsa K32,000, koma mukadikira kuti mudzachotse K230,000 yonse pakutha pa mwezi, simudzaipeza.

Ndalamayi ikhale ndi nyumba yakeyake. Ambirife tili ndi malayini awiri m'foni. Layini imodzi, kaya ndi ya Airtel Money kaya ya TNM Mpamba, ikhale ya boti basi: ogula nsomba atumize kumeneko, petulo alipiridwe kuchokera kumeneko, ine makaniko mundilipire kuchokera kumeneko. Inayo ikhale ya pakhomo, ndipo nambala imene abale akuidziwa ikhale imeneyo. Ubwino wake wina ndi woti mauthenga a m'foni amakusungirani mbiri ya zolowa ndi zotuluka. Kuipa kwake, kutapa kuli ndi mtengo wake, ndiye musamangoika ndi kutapa timakwacha tating'onoting'ono. Amene mumakonda ndalama yogwira m'manja, zitini ziwiri kapena maenivelopu awiri zimagwira ntchito, bola chitini cha boti chisakhale m'chipinda momwe mumatengamo ya ndiwo. Bambo anga, amene apha nsomba moyo wawo wonse ndipo sukulu sanapite patali, ya khoka ankaisungitsa kwa alongo awo a kumtunda. Ankati ndalama yoyendera mtunda munthu umaiganizira kawiri.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chimavuta mabwana kuvomera: dzilembeni ntchito nokha. Mudziikire malipiro, muzilandira tsiku limodzi pa sabata, ngati wantchito wina aliyense. Pa K400,000 ija musadye yonse, chifukwa mwera ukubwera. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti nyanja imakhala ndi masiku ambiri oti simungalowe, koma ana kunyumba sasiya kudya chifukwa cha mwera. Ndiye K100,000 pamwezi ikhale yodikira nyengo imeneyo, malipiro anu akhale K300,000, kapena kuti K75,000 Loweruka lililonse. Mwapha zambiri, K75,000. Mwabwerera chimanjamanja, K75,000 yomweyo. Ndikudziwa kuti kwa munthu amene anazolowera K20,000 patsiku izi zikumveka ngati chilango, chifukwa ndi theka. Koma theka linalo silinali lake chiyambire. Ndipo amayi a kunyumba ambiri amene ndacheza nawo amati bola ndalama yochepa yodziwika tsiku lake, kusiyana ndi nyama Lolemba, Lachinayi kukapempha mchere kwa aneba.

Pamenepa amayi muwauze zonse. Muwaonetse masamu, asamangoona mtolo m'mawa kenako n'kumva kuti ndalama palibe, chifukwa aganiza kuti ina ikupita kumbali. Ndaona mabanja amene mayi ndi amene amagwira layini ya boti, ndipo injini zawo ndi zimene zimabwera ku sevisi pa nthawi yake.

Chachitatu ndi kope. Kope wamba la ana a sukulu, tsamba limodzi ulendo umodzi: tsiku, petulo malita angati, zagulitsidwa zingati, alovi atenga zingati, ya injini yachotsedwa zingati. Mphindi zisanu zakwana. Mulembenso nsomba zimene zatuluka osalipiridwa. Ndiwo ya kunyumba ndi ya alovi ndi mwambo wathu, palibe akuletsa. Koma pali kachigoba ka apongozi, ka a mfumu, ka mnzanu wa ku tauni amene wabwera kudzaona nyanja. Chigoba chimodzi patsiku pa maulendo 18, muwerengetse pa mtengo wa padoko panu muone. Perekani ndithu, tikhala bwanji osapatsana, koma mulembe kuti mudziwe kuti mwapereka zingati, ndipo zikachuluka zichoke pa malipiro anu.

Wina afunsa kuti nanga mwana akadwala usiku, ndalama ili pa layini ya boti, ndimuyang'ane? Ayi, tengani, thamangani naye kuchipatala. Palibe injini yoposa mwana. Koma mukabwerako mulembe m'kope kuti ndakongola ku boti K50,000, ndipo mubweze K10,000 Loweruka lililonse mpaka ithe. Kusiyana kwake n'koti ngongole yolembedwa imaoneka, ndiye ikamakula mumadziwa. Za maliro ndi zopempha za abale, izi si zadzidzidzi kwenikweni, tonse tikudziwa kuti mwezi sutha osamva uthenga. Muzipatule pa malipiro anu, kaya K5,000 pa sabata, kapena mulowe banki mkhonde ndi ndalama ya pakhomo. Ikatha yatha. Kunena kuti "yanga yatha, yatsalayo ndi ya boti" n'kosavuta kusiyana ndi kunena kuti "ndilibe" pamene wopemphayo anakuonani mukuwerenga mtolo m'mawa.

Pali mbali ina imene anthu saiganizira. Kusakaniza kumayendanso chobwerera. Boti likasowa petulo, bambo amatenga ndalama ya mandasi ya amayi, kapena amagulitsa mbuzi, kapena matumba awiri a chimanga, n'kuthira m'thanki osalemba paliponse. Zikatero boti limaoneka ngati likudziyendetsa lokha pamene likuyendera mbuzi. Munthu atha kukhala zaka ziwiri akudyetsa bizinesi yakufa kale, n'kuphanso ka bizinesi ka mkazi wake kamene kanali ndi moyo. Ndalama ya pakhomo ikalowa m'boti ilembedwe ngati ngongole ya boti, ibwezedwe. Mukaona kuti miyezi itatu yotsatizana, kunja kwa nyengo ya mwera, boti likungokongola kunyumba osabweza, khalani pansi muone ngati vuto ndi injini yodya petulo wambiri, malo ophera, kapena kagawidwe.

Ndinenenso za kwacha yathuyi, chifukwa wina anena kuti kusunga ndalama n'kutaya. Ali ndi mfundo. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo masipeya onse a injinizi amachokera kunja. Amene anasunga ndalama ya pisitoni m'chitini anadzuka ikugula maringi okha. Ndiye gawo la sevisi musalisunge ngati ndalama nthawi yaitali. Ikakwana, gulani chinthucho chikhale m'nyumba: impela imodzi, mapulagi awiri, masilo a kumwendo, oyilo wa mu giya, mpukutu wa ulusi. Zimenezi sizigwa mtengo, ndipo mlamu sangabwere kudzakongola impela. Mphira muusunge pamthunzi, m'pepala lake, osati padzuwa. K100,000 ya injini yatsopano ija ndi imene ikufunika akaunti ya kubanki kapena gulu lodalirika, ndipo chaka chilichonse mufunse mtengo wa injini yatsopano, mukweze zimene mumachotsa.

Izi si za eni maboti okha. Mayi wa thandala la usipa, mpamba wake uli mu nsomba zimene zili padzuwa, ndipo akatapa ya sukulu fizi pa ndalama yogulira, ulendo wotsatira agula zigoba 15 m'malo mwa 20, thiransipoti yopita ku Limbe ili chimodzimodzi. Ifenso amakaniko, kasitomala akandisiyira K150,000 ya masipeya, imeneyo si yanga ngakhale igone m'nyumba mwanga sabata yathunthu. Ndimaiika mu enivelopu, ndalemba dzina lake pamwamba, ndipo yanga ndi ya dzanja yokha ntchito ikatha. Pa ya dzanjayonso pamachoka ya zida, chifukwa masipanala amathyoka ndipo ena amayenda ndi miyendo.

Amene mukufuna kudziwa pamene muli, mwezi ukawala sabata ikubwerayi maboti adzakhala pamtunda, nthawi ilipo. Werengani ndalama yonse ya boti imene muli nayo, kuphatikiza petulo ali m'zigubu, masipeya ali m'nyumba ndi ngongole zimene anthu adzakubwezeranidi, muchotsepo zimene inu mwakongola. Lembani nambalayo pa tsamba loyamba la kope ndi deti lake. Mwezi ukadzawalanso mudzawerengenso chimodzimodzi. Ngati nambala yachiwiri sinakwere ndi ndalama yofika pa gawo la injini ndi khoka lija, malipiro anu ndi aakulu kuposa boti lanu, muwatsitse. Ndipo poti injini idzakhala ili pamtunda, masulani kabawuti ka pansi pa mwendo, mudonthetsere oyilo pang'ono pa chala muone mtundu wake. Akakhala woyererako musalowe nayo m'madzi.